Ngongole ikakanika kubweza ku England: njira zitatu za lamulo, ndi zomwe zimatsatira munthu akafuna kubwerekanso

Amene amakhala ku Britain ndipo anafufuzapo pa foni za thandizo la ngongole amadziwa zomwe zimatsatira. Malonda amayamba kubwera motsatizana, ena akulonjeza kufufuta gawo lalikulu la ngongole "mothandizidwa ndi boma", ena akunena kuti foni imodzi yokha ithetsa makalata onse a obwereketsa. Pamwamba pa izo, mu 2024 boma linasintha malire a imodzi mwa njira zitatu za lamulo zothandiza olephera kubweza ngongole, moti malangizo amene mnzanu analandira zaka zitatu zapitazo akhoza kukhala olakwika lero. Anthu ambiri amamva kuti njira zonsezi "zimaononga dzina", koma sadziwa kuti zimaononga chiyani kwenikweni, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti nthawiyo imayamba kuwerengedwa liti.

Zomwe zili pano ndi za ku England ndi Wales kokha. Scotland ili ndi malamulo ake ndi mayina ake, Northern Ireland nayonso chimodzimodzi, ndipo Malawi ili ndi lamulo lake la 2016 lokhudza olephera kubweza ngongole. Ziwerengero za m'nkhani ino musazitengere kumeneko.

Kugwa pa ngongole mwalamulo n'kutani?

Kuchedwa kulipira mwezi umodzi kapena iwiri si kugwa. Munthu amagwa pa ngongole pamene ndalama zimene amapeza ndi katundu amene ali naye sizingathe kubweza zomwe akufunidwa pa nthawi yake. Zikafika apo akhoza kupangana ndi obwereketsa mwamtendere kuti azilipira pang'onopang'ono, koma pangano lotere silimanga aliyense: wobwereketsa mmodzi akasintha maganizo akhoza kupita kukhoti, ndipo ngongole yonse imakhalapobe mpaka itabwezedwa. Njira za lamulo zimasiyana ndi zimenezi pa zinthu ziwiri. Zimamanga obwereketsa onse amene ngongole zawo zalowamo, afune asafune. Ndipo zili ndi tsiku lothera, pomwe ngongole yotsala imafufutidwa.

Kufufutako sikunalipo pachiyambi. Lamulo loyamba la ku England pa nkhaniyi, la 1542 m'nthawi ya Mfumu Henry VIII, linkaona wangongole ngati wothawa mlandu, ndipo ntchito yake inali kulanda katundu n'kugawira obwereketsa. Ufulu womasulidwa ku ngongole yotsala unabwera m'nthawi ya Mfumukazi Anne, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, koma unali wa amalonda okha. Munthu wamba ankatsekeredwa m'ndende za angongole, ndipo mchitidwewu unathetsedwa kwakukulu mu 1869. Malamulo amene akugwira ntchito lero ndi a 1986, ndipo akhala akusinthidwa kangapo.

Kuti tione bwino kusiyana kwa njira zitatuzi, zomwe ndi DRO, kulengezedwa kugwa ndi IVA, tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds ndipo amakhala m'nyumba ya lendi. Ali ndi ngongole ya £18,000: makadi a ngongole £7,000, ngongole ya kubanki £8,000, msonkho wa khonsolo wotsalira £1,200, ndi mabilu a gasi ndi magetsi £1,800. Amalandira £1,900 pamwezi msonkho utachotsedwa. Lendi, chakudya, mayendedwe ndi zofunika zina zimamudyera £1,840, ndiye amatsala ndi £60. Ali ndi galimoto ya £2,500 imene amapitira kuntchito. Mlangizi aliyense wodziwa ntchito yake ayamba ndi manambala atatu amenewa: ngongole yonse, katundu, ndi ndalama yotsala pamwezi. Nthawi zambiri manambalawa ndiwo amasankha njira, munthu asanafike pofunsidwa zimene amakonda.

Asanasankhe, mayiyu akhoza kupempha mpata wopumira wa masiku 60, umene boma linakhazikitsa mu Meyi 2021. Umapezeka kudzera mwa mlangizi wa ngongole, ndipo m'masiku amenewo chiwongoladzanja, zilango ndi olanda katundu zimaima. Mpatawu sufufuta kanthu. Umangopereka nthawi yoganiza popanda wogogoda pakhomo.

DRO: ya amene alibe choti n'kulandidwa

Dzina lake lonse pa mafomu ndi Debt Relief Order. Ndi chilolezo chimene ofesi ya boma ya Insolvency Service imapereka kwa munthu wopeza zochepa amene alibe katundu wambiri. Chikaperekedwa, obwereketsa amaimitsidwa kwa miyezi 12. Munthu salipira kanthu pa ngongole zimene zalembedwamo, ndipo ngati moyo wake sunasinthe pomwe miyezi 12 ikutha, ngongolezo zimafufutidwa.

Njirayi inayamba mu Epulo 2009 pofuna kutseka mpata wina wochititsa manyazi: panali anthu osauka kwambiri moti sankatha kulipira ndalama yofunika kuti alengezedwe kuti agwa. Poyamba malire anali otsika, ngongole ya £15,000, katundu wa £300 ndi ndalama yotsala ya £50 pamwezi. Mu Epulo 2024 boma linachotsa ndalama ya £90 imene inkalipidwa pofunsira, ndipo mu Juni chaka chomwecho linakweza malire a ngongole kuchoka pa £30,000 kufika pa £50,000. Lero munthu ayenera kukhala ndi ndalama yotsala yosapitirira £75 pamwezi, katundu wosapitirira £2,000, ndi galimoto imodzi yosapitirira £4,000. Ziwiya za m'nyumba ndi zovala siziwerengedwa. Safunsira yekha, amadutsa mwa mlangizi wovomerezeka, monga a ku bungwe la Citizens Advice, ndipo thandizoli n'laulere.

Mayi wa ku Leeds uja akulowa m'malire onsewa. Kwa iye £18,000 ikhoza kutha m'chaka chimodzi osalipira ngakhale paundi imodzi. Koma pali zinthu zimene zimagwetsa anthu. Ngongole imene yaiwalika pa fomu singawonjezedwe pambuyo pake, ndipo imakhalabe yake. Akakwezedwa malipiro, kapena akalandira ndalama ya chipukutamisozi kapena ya masiye m'kati mwa miyezi 12, ayenera kunena, ndipo chilolezo chikhoza kuthetsedwa, ngongole zonse n'kubwerera. Lendi yotsalira imalowamo, koma mwininyumba amakhalabe ndi mphamvu yopempha khoti kuti amutulutse. Ndipo akalandira DRO sangalandire ina mpaka patatha zaka 6.

Apa pali mfundo imene imakhudza anthu athu kuposa ena. Lamulo likamati katundu, limatanthauza katundu kulikonse kumene ali padziko lapansi. Ngati mayiyu ali ndi puloti ku Lilongwe ya mtengo wofanana ndi £5,000, wadutsa malire a £2,000 ndipo DRO yamukana. Kuisinthira m'dzina la mchimwene wake sikuthandiza, chifukwa fomu imafunsa ngati m'zaka ziwiri zapitazo anapereka katundu kwaulere kapena pa mtengo wotsika, ndiponso ngati anabweza ngongole ya wachibale n'kusiya za ena. Kunama pa mafunso amenewa ndi mlandu. Ndalama zotumiza kumudzi mwezi ndi mwezi nazonso adzafunsidwa, chifukwa zikachotsedwa pa mndandanda wa zofunika, ndalama yotsala ija imakwera ndipo ikhoza kudutsa £75. Kwa ife kusamalira amayi kumudzi si nkhani yosankha, koma fomu inalembedwa poganizira banja la m'nyumba imodzi. N'kwabwino kuiyala nkhaniyi pamaso pa mlangizi tsiku loyamba, isadzatulukire pa sitetimenti ya kubanki.

Kulengezedwa kugwa: kupereka katundu, kumasulidwa pakatha chaka

Iyi ndiyo njira yakale kwambiri, ndipo pa tsamba la boma la GOV.UK imalembedwa kuti bankruptcy. Ilibe malire a kukula kwa ngongole. Katundu yense wa munthu, kupatula zofunika pa moyo ndi pa ntchito, amapita m'manja mwa woyang'anira amene amagulitsa n'kugawira obwereketsa. Woyamba kugwira nkhaniyi ndi mkulu wa boma wotchedwa Official Receiver, udindo umene unakhazikitsidwa mu 1883. Iye amafunsa mafunso, amaona masitetimenti, ndipo amafufuza momwe ngongole inafikira pamenepo.

Kuyambira mu Epulo 2016 munthu wodzipereka yekha sapita kukhoti. Amafunsira pa intaneti n'kulipira £680, imene akhoza kuisonkha pang'onopang'ono, koma pempho silitumizidwa mpaka itakwana. Wobwereketsa naye akhoza kupempha khoti kuti limulengeze munthu ngati ngongole yake ndi ya £5,000 kapena kuposa. Kale munthu ankamasulidwa patatha zaka zitatu. Kuyambira mu Epulo 2004 nthawiyi inatsitsidwa kufika pa miyezi 12, boma likunena kuti amene wagwa popanda chinyengo asalangidwe ngati wakuba.

Chimene ambiri samva bwino n'chakuti kumasulidwa sikubweza katundu ndipo sikuthetsa malipiro onse. Tisinthe nambala imodzi m'chitsanzo chathu: mayi uja azitsala ndi £200 pamwezi m'malo mwa £60. DRO yatsekeka. Akalengezedwa kugwa, woyang'anira akhoza kufuna kuti azipereka ndalama yotsalayo kwa miyezi 36, zomwe zikupanga £7,200, ngakhale kuti iye wamasulidwa pa mwezi wa 12. Puloti ya ku Lilongwe imakhala ya woyang'anira kuyambira tsiku la chilengezo, ndipo sibwerera kwa mayiyo ngakhale chaka chitatha. Galimoto ya mtengo wotsika imene munthu sangagwire ntchito popanda iyo kawirikawiri imasiyidwa. Kwa amene ali ndi nyumba yakeyake, woyang'anira ali ndi zaka zitatu kuti achitepo kanthu pa gawo la munthuyo, ndipo nyumba ikhoza kugulitsidwa ngati wachibale sangagule gawolo.

Poyerekeza ndi DRO, apa kafukufuku ndi wozama ndipo dzina limasindikizidwa m'nyuzipepala ya boma ya The Gazette, kumene limakhala mpaka kalekale. Ntchito zina, makamaka za malamulo ndi zosunga ndalama za anthu, zimakhudzidwa. Akapezeka kuti anabisa katundu, anatchova juga ndalama za ngongole, kapena anabwereka akudziwa kuti sangabweze, ziletso zikhoza kutalikitsidwa kwa zaka zapakati pa 2 ndi 15.

Ngongole zina sizifufutidwa ndi njira imeneyi kapena DRO: zindapusa za kukhoti pa milandu, ndalama zosamalira ana, ngongole ya boma ya kusukulu yaukachenjede, ndi ngongole yopezedwa mwachinyengo.

IVA: pangano la zaka zisanu limene limamanga onse

Individual Voluntary Arrangement inabwera ndi malamulo a 1986, kutsatira lipoti la komiti ya Kenneth Cork la 1982. Anthu amene ankaganiziridwa poyamba anali amalonda ang'onoang'ono ndi ogwira ntchito zawozawo, amene kulengezedwa kugwa kukanawaphera bizinesi. Patapita zaka makampani anaona kuti njirayi ikhoza kugulitsidwa kwa anthu wamba okhala ndi ngongole za makadi, ndipo malonda ambiri amene mumaona pa foni ndi a njira imeneyi.

Imayenda chonchi. Katswiri wokhala ndi chiphaso cha ntchitoyi amalemba pempho m'malo mwa wangongole, lonena ndalama imene azipereka pamwezi ndi kwa zaka zingati, kawirikawiri zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Obwereketsa amavota, ndipo mavoti amayezedwa ndi kukula kwa ngongole, osati kuchuluka kwa anthu. Ngati eni magawo 75 pa 100 alionse a ngongole ya amene avota avomera, panganolo limamanga onse, ngakhale amene anakana. Chiwongoladzanja chimaima. Pomaliza, yotsala imafufutidwa.

Mayi wathu wa £200 pamwezi angapereke £12,000 m'miyezi 60. Ndalama ya katswiri, imene imafika mapaundi masauzande angapo, imachokera momwemo, ndipo obwereketsa amagawana zotsala. Yerekezani ndi £7,880 imene akanapereka akanalengezedwa kugwa, ndiko kuti £680 yofunsira ndi £7,200 ya miyezi 36. Kwa munthu wa lendi amene alibe katundu, IVA imadula kwambiri ndipo imatenga nthawi yaitali. Kwa amene ali ndi nyumba, puloti kumudzi imene obwereketsa avomera kuisiya kunja kwa pangano, ntchito imene singalole chilengezo, kapena kampani imene akufuna kupitiriza kuyendetsa, ndalama yowonjezerayo ikugula chinthu chenicheni. N'chifukwa chake njirayi siingatchedwe yabwino kapena yoipa popanda kuona manambala a munthuyo.

Vuto lalikulu ndi zaka zisanuzo. Mashifiti amachepa, lendi imakwera, mwana amabadwa, maliro amagwa kumudzi. Malipiro akaphonyedwa kangapo ndipo obwereketsa akakana kusintha pangano, IVA imagwa. Ngongole imabwerera, ndipo gawo lalikulu la zomwe zinaperekedwa m'zaka zoyambirira limapezeka kuti linapita kwa katswiri. Ziwerengero za boma zimaonetsa kuti pa mapangano a zaka zina, pafupifupi limodzi mwa atatu alionse linagwa lisanathe. Chizindikiro chakuti munthu akukankhidwira m'pangano losamuyenera chimaoneka pa bajeti. Ngati wapafoni akutsitsa ndalama ya chakudya kapena ya mafuta a galimoto kuti ndalama yotsala ifike pa £90 kapena £100, pomwe yeniyeni ndi £60, ndiye kuti akumuchotsa munthu pa DRO yaulere n'kumuika pa njira yolipira zaka zisanu. Mu 2023 bungwe loyang'anira za ndalama la FCA linaletsa makampani opereka malangizo a ngongole kulandira ndalama potumiza anthu kwa ogulitsa mapangano, chifukwa cha mchitidwe womwewu.

Mbiri ya ngongole: buku limene obwereketsa amawerenga

Tsopano tifike pa kubwerekanso. Pali nthawi ziwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa: pamene njira ili m'kati, ndi pamene yatha.

Ili m'kati, lamulo lenilenilo ndilo limaletsa. Amene ali pa DRO kapena amene sanamasulidwe pa chilengezo sangabwereke £500 kapena kuposa popanda kumuuza wobwereketsa za momwe alili, ndipo kubisa ndi mlandu. Sangakhalenso mkulu wa kampani popanda chilolezo cha khoti. Pa IVA, pangano limafuna chilolezo cha katswiri munthu asanabwereke ndalama yoposa £500. Akaunti ya kubanki ikhoza kutsekedwa, makamaka ngati banki yomweyo ili m'gulu la obwereketsa, choncho alangizi amauza anthu kuti atsegule akaunti wamba yopanda ngongole kubanki ina.

Ikatha, palibe lamulo loletsa kubwereka. Chotsala ndi mbiri. Taganizirani buku la ngongole la pa golosale ya m'mudzi, koma buku limene eni magolosale onse m'boma lonse amalembamo ndi kuwerenga. Ku Britain mabuku otere amasungidwa ndi makampani atatu akuluakulu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Iwo sasankha amene apatsidwe ngongole. Amangosunga zolembedwa, ndipo banki iliyonse imawerenga n'kupanga chiganizo chake. Nambala imene mumaona pa foni ndi kuyerekeza kwa kampaniyo, si chigamulo cha banki.

Njira zonse zitatu zimalembedwa m'bukumo kwa zaka 6, ndipo zakazo zimawerengedwa kuchokera tsiku limene njira inayamba, osati limene inatha. Mfundo imeneyi ndiyo imasokoneza anthu ambiri. Tinene kuti mayi uja wayamba mu Malichi 2025. Pa DRO kapena pa chilengezo amasuka mu Malichi 2026, ndipo cholembedwacho chichoka mu Malichi 2031. Pa IVA ya zaka zisanu amaliza kulipira mu Malichi 2030, ndipo cholembedwacho chichokanso mu Malichi 2031. Tsiku lochoka ndi limodzi. Ngati wina akuuzani kuti IVA imateteza mbiri yanu ya ngongole kuposa zinazo, funsani kuti ikuteteza motani. Kusiyana kulipo n'kwakuti wa DRO amakhala ndi zaka zisanu zomanga mbiri yatsopano cholembedwa chikadalipo, pomwe wa IVA amakhala ndi chimodzi chokha. Ndipo IVA ikagwa mu 2027, mayiyu n'kulowa DRO, zaka 6 zimayambiranso, mpaka 2033.

Palinso kaundula wa boma wa pa intaneti amene aliyense akhoza kufufuzamo dzina kwaulere. Mmenemo dzina limachoka patatha miyezi itatu njira itatha. Ndi wosiyana ndi mabuku a makampani atatu aja, ndipo kuchoka m'kaundula sikutanthauza kuti mbiri yayera.

Tisaiwale kuti munthu amene akufika pa njira zimenezi nthawi zambiri mbiri yake inaonongeka kale. Akaunti imene wobwereketsa waitseka chifukwa cha kusalipira imalembedwa kwa zaka 6. Chigamulo cha khoti pa ngongole nachonso chimakhala zaka 6, pokhapokha chitalipidwa chonse m'mwezi umodzi. Munthu amene akulimbana ndi ngongole zisanu, iliyonse n'kumagwa pa nthawi yake, akhoza kukhala ndi mbiri yoipa kwa zaka zoposa 6, chifukwa kugwa kulikonse kumayamba kuwerenga kwake. Kuopa njira ya lamulo pofuna kuteteza mbiri kumakhala ndi nzeru pokhapokha ngati ngongoleyo ingabwezedwedi m'nthawi yooneka.

Cholakwika chofala chimachitika pa madeti. Ngongole iliyonse imene inalowa mu DRO, chilengezo kapena IVA iyenera kulembedwa kuti inagwa pa tsiku limene njira inayamba kapena lisanafike. Obwereketsa ena amalemba tsiku la pambuyo, mwina miyezi isanu ndi itatu kapena chaka, ndipo akauntiyo imatsalira m'buku cholembedwa chachikulu chitachoka. Ena amasiya akaunti ikuoneka ngati ili ndi ndalama yofunidwa chikhalirecho inafufutidwa. Njira yodziwira ndi imodzi: kutenga lipoti kuchokera ku makampani onse atatu, zomwe lamulo limalola kwaulere, n'kuyang'ana akaunti imodziimodzi. Pakapezeka cholakwika, kalata imapita kwa wobwereketsa pamodzi ndi umboni wa tsiku loyambira ndi lomaliza. Mapepala amenewa ndi ofunika kuwasunga zaka zambiri.

M'zaka 6 zimenezi munthu amamva kulemera m'malo amene sanayembekezere. Foni ya kontirakiti ikhoza kukanidwa. Inshulansi ya galimoto yolipira pamwezi ndi ngongole nayonso, ndipo ikhoza kukwera mtengo kapena kufuna kulipidwa yonse kamodzi. Ofesi zobwereketsa nyumba zimafufuza, ndipo zimafuna womusainira munthu. Ngongole imene imapezeka poyamba ndi khadi la malire otsika ndi chiwongoladzanja chokwera. Kuligwiritsa ntchito pa zinthu zazing'ono n'kulipira lonse mwezi uliwonse kumalemba mizere yabwino m'buku. Kulidzaza kumabweza munthu pomwe anachokera, ndipo nthawi ino DRO ndi yotseka. Ngongole yogulira nyumba ndiyo imavuta kwambiri. Mabanki ambiri akuluakulu amadikira kuti cholembedwa chichoke, pomwe obwereketsa ena apadera amavomera msanga koma amafuna dipoziti yaikulu ndi chiwongoladzanja chokwera.

Ngakhale zaka 6 zitatha, zinthu ziwiri zimatsala. Banki imene inataya ndalama imasunga mbiri yakeyake ndipo ikhoza kukana mpaka kalekale. Ndipo mafomu ena a ngongole ya nyumba kapena inshulansi amafunsa ngati munthu anagwapo m'moyo wake wonse. Funso likabwera chonchi, yankho loona ndilo lofunika, ngakhale buku litayera.

Njira zonsezi zimamasula munthu mmodzi yekha. Ngati ngongole ya £8,000 ya mayi uja anatenga pamodzi ndi mwamuna wake, banki idzafuna £8,000 yonse kwa mwamunayo, osati theka. Ngati mnzake wa kumpingo anamusainira, ngongole imagwera mnzakeyo. Ukwati pawokha susakaniza mbiri za anthu awiri, koma akaunti kapena ngongole ya pamodzi imawalumikiza m'buku, ndipo wobwereketsa akamayang'ana mmodzi amaona ndi winayo.

Mafunso amene sanayankhidwe

Mu 2022 boma linayamba kuunikanso dongosolo lonse la kugwa pa ngongole kwa anthu, ndipo kusintha kwa 2024 kunangokhudza mbali imodzi. Funso loyamba ndi la £680. Mabungwe othandiza angongole amati munthu amene wadutsa malire a DRO pang'ono, koma alibe ndalama, amakakamira pakati popanda njira. Ena amayankha kuti kufufuza nkhani ya munthu kumadya ndalama, ndipo akapanda kulipira wofunsira, alipira okhoma msonkho kapena obwereketsa.

Lachiwiri ndi la malire a £75. Kusiyana kwa £10 pamwezi kukhoza kusiyanitsa munthu amene salipira kanthu ndi amene alipira zaka zitatu kapena zisanu. Pali amene akufuna kuti njira zitatuzi ziphatikizidwe kukhala khomo limodzi kumene malipiro amakwera pang'onopang'ono molingana ndi zomwe munthu amapeza. Pali amene akuopa kuti zikatero, mpata wopangana umene IVA imapereka kwa eni nyumba ndi amalonda udzatayika.

Lachitatu ndi la amene amalangiza. Makampani amene amapeza ndalama pa IVA ndiwonso amakumana ndi wangongole poyamba, chifukwa ndiwo ali ndi ndalama zotsatsira malonda, pomwe alangizi aulere amakhala ndi mizere yaitali. Makampaniwo amati amafikira anthu amene sakanapempha thandizo kwina kulikonse ndipo amabweza ndalama zambiri kwa obwereketsa. Otsutsa amaloza mapangano amene amagwa. Momwe makampaniwa ayenera kuyang'aniridwira, ndi amene ayenera kuwayang'anira, zikukambidwabe.

Ndiye pali zaka 6 zija. Munthu amene anagwa chifukwa cha matenda kapena kutha kwa ntchito amalembedwa mofanana ndi amene anamwaza ndalama, ndipo amene anamaliza malipiro 60 a IVA osaphonya amaoneka m'buku pafupifupi mofanana ndi amene sanalipire kanthu. Obwereketsa amati popanda mbiri yaitali sangayeze chiopsezo, ndipo ngongole ingakwere mtengo kwa aliyense. Alangizi amati cholembedwa chotalika chimakankhira anthu kwa akatapila pa nthawi imene lamulo lanena kuti ayambirenso. Mu Disembala 2023 FCA inatulutsa lipoti lonena kuti makampani atatu aja nthawi zambiri amasunga zinthu zosiyana zokhudza munthu mmodzi yemweyo, ndipo inafuna kuti kagawanidwe ka zolembedwazi kakonzedwe. Ngati kukonzako kudzafike pa kutalika kwa zakazo, kapena pa kusiyanitsa amene analipira ndi amene sanalipire, sizinagamulidwe.